Akunena zoona kapena akungodzidalira? Zomwe khutu limamva m'liwu la munthu

Voisi noti ya masekondi 40 ikangogwa pa gulu la WhatsApp, ola silitha anthu asanagamule mlandu. Wina amati, "Tamverani mmene mawu akunjenjemerera, ameneyu wagwidwa basi." Mnzake amatsutsa kuti, "Munthu wabodza sangalankhule mosadodoma chonchi." Onse amvera mawu amodzimodzi, ndipo aliyense akukhulupirira kuti khutu lake silinamunamize. Mkangano womwewu umabuka mboni ikamalankhula kukhoti, wandale akamayankha mafunso pa wailesi, kapenanso munthu wosadziwika akaimba foni kuti watumiza ndalama molakwika ndiye mumubwezere msanga.

Akatswiri a mawu ndi a kaganizidwe ka munthu akhala akufufuza nkhaniyi kwa zaka zoposa 50. Zomwe apeza zikusonyeza kuti khutu limatsamira kwambiri pa zinthu zitatu: kuonda kapena kunenepa kwa liwu, mphamvu yake, ndi liwiro lake. Vuto lagona poti khutulo limayeza mafunso awiri osiyana pa sikelo imodzi. Funso loyamba ndi lakuti, kodi munthuyu akutsimikiza zomwe akunena? Lachiwiri ndi lakuti, kodi akunena zoona? Liwu limayankha funso loyambalo bwino ndithu. Lachiwirilo limaliyankha moperewera kwambiri.

Pichi: kuonda ndi kunenepa kwa liwu

M'Chichewa tikati "kwezani mawu" timatanthauza kuti munthu alankhule momveka patali. Koma oimba kwaya akati "kiyi yakwera" akunena china: liwu laonda, lachoka ku besi kupita ku nthetemya, ngakhale munthuyo akuimba motsitsa. Ichi chachiwirichi ndiye akatswiri amachitcha pichi, ndipo ndibwino kuchilekanitsa ndi voliyumu kuyambira pano.

M'kholingo muli timinofu tiwiri tomwe timatseguka ndi kutsekeka mpweya ukamachoka m'mapapo. Pichi ndi kuchuluka kwa maulendo omwe timinofuti timatseguka pa sekondi imodzi, ndipo muyeso wake umalembedwa Hz, pokumbukira katswiri wa ku Germany, Heinrich Hertz. Bambo wamkulu akamacheza, nthawi zambiri amakhala pakati pa 85 ndi 155 Hz. Mayi amakhala pakati pa 165 ndi 255 Hz, ndipo mwana amapitirira apo. Kusiyanaku kumabwera chifukwa timinofu ta abambo ndi tatalitali komanso tonenepa. Zili ngati nsambo za gitala: yonenepa imalira besi, yopyapyala imalira moonda, ndipo nsambo iliyonse ukaikunga imakwera.

Kukungako ndiye kumalumikiza pichi ndi mtima wa munthu. Mantha akamugwira munthu, minofu ya pakhosi imalimba, mpweya umakankha mwamphamvu, ndipo liwu limaonda. Womvera amadziwa zimenezi popanda womuphunzitsa. Mu 1977 katswiri wa zinyama Eugene Morton analemba kuti mbalame ndi nyama zambiri zimatsata lamulo limodzi: poopseza zimatulutsa mawu a besi okhakhala, pogonja zimatulutsa mawu oonda. Galu amachitira umboni. Akamateteza fupa lake mawu amachokera pansi pa khosi, koma akathamangitsidwa amalira kwee kwee mchira ataupinda. Mu 1984 John Ohala wa ku yunivesite ya California ku Berkeley anati anthu nafenso tili ndi lamulo lomweli: besi imamveka ngati thupi lalikulu, choncho imamveka ngati mphamvu ndi ulamuliro, pomwe liwu loonda limamveka ngati kudzichepetsa, kufunsa kapena kukayika.

Kafukufuku yemwe anayesa izi mwaukhondo anachitika mu 1979. William Apple, Lynn Streeter ndi Robert Krauss anajambula mawu a abambo akuyankha mafunso, kenako anagwiritsa ntchito makina kukweza kapena kutsitsa pichi ndi magawo 20 pa 100, osasintha liwu limodzi la zomwe ananena. Omvera anati amene mawu awo anaondetsedwa akumveka amantha, ofooka, ndiponso osanena zoona kwenikweni. Munthu ndi yemweyo, mfundo ndi zomwezo, chomwe chinasintha ndi makina okha. Mu 2012 Casey Klofstad ndi anzake anachita zofanana ndi chiganizo chimodzi chopempha voti, ndipo omvera aamuna ndi aakazi omwe anasankha kwambiri liwu lotsitsidwa, kaya wopemphayo ndi mwamuna kaya mkazi.

Komabe pichi ya chiganizo chonse si yomwe imalemera kwambiri. Khutu limatchera makamaka kumapeto. Munthu akafunsidwa likulu la Zambia n'kuyankha kuti "Lusaka" liwu likutsika, timamva kuti wamaliza ndipo akudziwa. Akayankha liwu likukwera kumapeto, timamva ngati akutifunsa ifeyo kuti timutsimikizire.

Voliyumu ndi mmene imanamizira

Mphamvu ya mawu imayezedwa m'madesibelo, omwe amalembedwa dB, dzina lochokera kwa Alexander Graham Bell. Kunong'ona kumakhala cha m'ma 30 dB, kucheza wamba mutatalikirana mita imodzi kumakhala cha m'ma 60 dB, ndipo kukuwa kumafika 80 kapena kupitirira. Muyesowu suyenda ngati makilogalamu pa sikelo ya chimanga. Mawu akawonjezeka ndi 10 dB, khutu limamva ngati awirikiza kawiri. Ndipo pabwalo popanda makoma, mtunda ukawirikiza kawiri mawu amatsika ndi 6 dB.

Pa zinthu zitatu zija, voliyumu ndi yomwe imayenda limodzi ndi kudzidalira mosabisa. Klaus Scherer ndi anzake anaonetsa mu 1973 kuti wolankhula akauzidwa kuti awerenge modzidalira, amawonjezera mphamvu, amafulumira, ndipo amapuma kochepa. Omvera nawo amazindikira zomwezo mosavuta.

Koma pa zonse zitatu, ndi voliyumu yomweyo yomwe imasokonezedwa msanga ndi malo. Mu 1911 dokotala wa makutu ndi pakhosi wa ku France, Étienne Lombard, anaona kuti munthu akakhala paphokoso amakweza mawu asakudziwa. Aliyense amene anayesapo kucheza pachigayo chikulira amazidziwa, ndipo chigayo chikazima mwadzidzidzi mumapezeka mukukuwa nokha. Chofunika apa n'chakuti munthu akakweza voliyumu, pichi nayo imakwera, chifukwa mpweya ukukankha timinofu tija mwamphamvu. Choncho munthu amene akulankhulira pa depoti ya mabasi amamveka ngati wakwiya kapena wapanikizika, pomwe akungolimbana ndi phokoso la injini.

Foni imawonjezera chisokonezo chake. Mafoni ambiri amadzisinthira okha mphamvu ya maikolofoni, kukweza mawu ofooka ndi kutsitsa amphamvu, kotero kuti zomwe mukumva si voliyumu yeniyeni ya wolankhulayo. Kungosuntha foni kuchoka pakamwa kupita pachifuwa kumasintha manambala kuposa mmene mantha angawasinthire.

Pa nkhani ya kuona mtima, voliyumu imatembenuka malinga ndi zomwe zikunenedwa. Munthu wokana mlandu monong'ona timamukayikira. Koma munthu wopepesa pamaliro mokuwa timamukayikiranso. Khutu silifuna mphamvu yokha, limafuna mphamvu yoyenerana ndi nkhaniyo.

Liwiro, ndi kachetechete wa funso lisanayankhidwe

Anthu ambiri amaganiza kuti wolankhula mwachangu ndi tambwali ndipo wolankhula pang'onopang'ono ndi munthu wodalirika. Kafukufuku wambiri wa ku America anapeza zosiyana. Mu 1976 Norman Miller ndi anzake anamvetsera anthu uthenga wochenjeza za kuopsa kwa khofi, ena pa liwiro la mawu 195 pa mphindi, ena pa mawu 102. Amene anamva wachanguyo anaona wolankhulayo ngati wodziwa zambiri ndipo anakopeka kwambiri. M'kafukufuku wa 1979 uja, mawu atachedwetsedwa ndi makina ndi magawo 30 pa 100, olankhulawo anamveka ngati osanena zoona komanso osakopa.

Patapita zaka, mu 1991, Stephen Smith ndi David Shaffer anaonetsa kuti phindu la liwiro lili ndi malire. Liwiro limathandiza pamene womvera akutsutsana ndi uthengawo, chifukwa silimupatsa mpata wokonza mfundo zotsutsa. Womvera akakhala kuti akugwirizana nawo kale, liwiro limachepetsa kukopako, poti sapeza nthawi yoti mfundozo zimukhazikike. Apa m'pomwe munthu woba pa foni amadyerera. Amalankhula mwachangu, mosadodoma, n'kuika malire a nthawi, kuti inu musapeze sekondi yodzifunsa ngati ndalamazo zalowadi.

Manambala a mawu pa mphindi sitingawatengere ku Chichewa mmene alili. Liwu limodzi ngati "sindidzakubwezeraninso" lili ndi maphatikizo 9, ndipo m'zinenero zina lingakhale chiganizo cha mawu angapo. Njira yolungama ndi kuwerenga maphatikizo pa sekondi. Ngakhale pamenepo zinenero zimasiyana: kafukufuku wa ku Lyon wa 2011 anapeza kuti Chijapani ndi Chisipanishi zimathamanga pafupifupi maphatikizo 8 pa sekondi, Chingerezi cha m'ma 6, Chimandarini cha m'ma 5. Mlendo amene chinenero chake ndi chachangu si ndiye kuti ndi wodzidalira kuposa inu.

Chomwe chimaweruzidwa mwankhanza kuposa liwiro ndi kachetechete. Mu 2009 Tanya Stivers ndi anzake anayeza macheza m'zinenero 10, kuphatikizapo china cha ku Namibia, ndipo anapeza kuti mpata wa pakati pa funso la eya kapena ayi ndi yankho lake umakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a sekondi. Ajapani anali achangu koposa, anthu a ku Denmark anali ochedwa koposa, koma ngakhale iwowo sanafike theka la sekondi. Tinazolowera kayendedwe kothina chonchi, n'chifukwa chake sekondi imodzi yokha ya chete imamveka ngati mtunda wautali. Mtsikana akafunsidwa ngati wavomera n'kukhala chete masekondi awiri, wofunsayo amadziwiratu kuti kukubwera "koma".

Pa kutsimikiza, kachetecheteyu ndi chizindikiro chenicheni. Susan Brennan ndi Maurice Williams anaonetsa mu 1995 kuti omvera amatha kuyerekeza bwino mmene munthu akudziwira yankho la funso pongomva kuchedwa kwake, timawu todzazira mpata, ndi kukwera kwa liwu kumapeto. Munthu amene sakutsimikiza amachedwadi. Koma mu 2021 Ignazio Ziano ndi Deming Wang, atayesa anthu oposa 7,500 ku America, Britain ndi France, anapeza kuti omvera amatenga kuchedwa komweko ngati chizindikiro cha bodza. Ndiye kuti mboni imene yaima kuti ikumbukire bwino tsiku imalipira chifukwa cha kusamala kwake.

Sikelo imodzi, mafunso awiri

Mu 2021 gulu la ofufuza a ku Paris lotsogozedwa ndi Louise Goupil ndi Jean-Julien Aucouturier linatenga timawu topanda tanthauzo, n'kumatisintha pichi, mphamvu ndi liwiro mwachisawawa kambirimbiri. Omvera nthawi zina ankafunsidwa kuti liwu liti likumveka lotsimikiza, nthawi zina liti likumveka labodza. Mayankho a mafunso awiriwa anatulutsa chithunzi pafupifupi chimodzi. Liwu lodalirika linali lachangu, lamphamvu pakati pa liwu, lotsika kumapeto. Losadalirika linali lochedwa ndi lokwera kumapeto. Omvera olankhula Chifalansa, Chingerezi ndi Chisipanishi anamva mofanana. Mwa njira ina, khutu likamva kukayika limalembanso kuti bodza.

Nanga abodza enieni amalankhula chonchodi? Mu 2003 Bella DePaulo ndi anzake anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wambiri pa zizindikiro 158 zomwe anthu amati zimaulula bodza. Zambiri zinapezeka zofooka kapena zopanda ntchito. Pichi imakweradi munthu akamanama, makamaka ngati pali chomwe angataye, koma imakwera pang'ono kwambiri, ndipo kukwerako kumaoneka pokhapokha mukaphatikiza anthu ambiri. Liwiro ndi kuchedwa kuyankha sizinaonetse kusiyana kodalirika. Mu 2006 Charles Bond ndi DePaulo anawerengera mayankho a anthu oposa 24,000 omwe anayesa kuzindikira bodza ndipo anapeza kuti anthu amalondola ka 54 pa 100 posiyanitsa zoona ndi bodza. Woponya ndalama m'mwamba amalondola ka 50.

Katswiri wina, Timothy Levine, anafotokoza chifukwa chake momveka. Pali anthu amene chibadwire amamveka oona mtima: ofatsa, osadodoma, oyankha molunjika. Palinso ena amene amamveka okayikitsa ngakhale akunena za nyengo. Kamvekedwe kameneka sikayenda limodzi ndi kunena zoona. Omvera amagwirizana kwambiri pa amene akumveka woona, koma kugwirizana si kulondola. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo mbali inayo ya mwambiwu imaiwalika: chipatso chosaoneka bwino chimatha kukhala chabwinobwino m'kati.

Makina nawo sanathetse vutoli. Pali mapulogalamu omwe amagulitsidwa kuti amazindikira bodza poyeza kupanikizika kwa liwu. Atawayesa pa anthu oposa 300 ongomangidwa kumene ku Oklahoma, pofananitsa mayankho awo pa za mankhwala ozunguza bongo ndi zotsatira za mkodzo, mapulogalamu awiri anagwira mabodza pafupifupi 15 okha pa 100. Makinawo akhoza kuona kuti munthu wapanikizika, koma sangadziwe chomwe chamupanikiza. Ndipo manambala otchuka m'maphunziro a kalankhulidwe, oti mawu enieni amanyamula magawo 7 okha pa 100 a uthenga, liwu 38, nkhope 55, musawatengere pamtima. Anachokera ku kafukufuku wochepa wa Albert Mehrabian wa 1967 wokhudza liwu limodzi lolankhulidwa mosemphana ndi nkhope, ndipo mwini wakeyo anachenjeza kuti sagwira pa kulankhula konse.

Nkhani ya matumba 50 a simenti

Tiyerekeze ndi nkhani yongopeka koma yodziwika. Munthu ali ku Joni, akumanga nyumba kumudzi, ndipo watumiza ndalama za matumba 50 a simenti. Wamva mphekesera kuti ena agulitsidwa. Wafunsa kapitawo, ndipo yankho labwera pa voisi noti: "Matumba onse fifite tinagwiritsa ntchito pa maziko, bwana." Liwu likumveka loonda ndi lothamanga. Abale ena akuti wagwidwa.

Amene akufuna kuyeza m'malo mongomva akhoza kugwiritsa ntchito Praat, pulogalamu yaulere yomwe Paul Boersma ndi David Weenink anapanga ku yunivesite ya Amsterdam. Choyamba si voisi noti yokayikitsayo ayi. Choyamba ndi kupeza ina ya munthu yemweyo akulankhula nkhani yosamuwawa, mwina ya sabata yatha yokhudza mchenga, chifukwa popanda poyerekezera nambala ilibe tanthauzo. Mafayilo onse awiri asandutsidwe kukhala mafayilo a mawu a mtundu wa WAV. Mukatsegula fayilo mumasankha `View & Edit`, kenako `Show pitch`, ndipo mzere wa pichi umaoneka pansi pa chithunzi cha mawu. Malire a pichi muwaike pa 75 mpaka 300 Hz ngati ndi bambo, kapena 100 mpaka 500 ngati ndi mayi. Mukasankha chiganizo chonse, `Get pitch` imakupatsani pichi ya pakatikati.

Tinene kuti ya mchenga yapereka 118 Hz ndipo ya simenti yapereka 140 Hz. Kusiyana kwa 22 Hz sikuyenera kuwerengedwa mwachindunji, chifukwa khutu limamva kuchulukitsa osati kuwonkhetsa. Akatswiri amasandutsa kukhala masemitoni, ndipo semitoni imodzi ndi kuchoka pa kiyi imodzi ya kiyibodi yoimbira kupita pa yoyandikana nayo, zakuda zomwe:

```
masemitoni = 12 × log2(140 / 118) ≈ 3
```

Masemitoni atatu ndi kukwera komveka kwa aliyense. Akanakhala mayi wochoka pa 210 kupita pa 232 Hz, ma Hz ndi 22 omwewo koma masemitoni sakanafika awiri. Liwiro limawerengedwa pamanja. Chiganizo cha kapitawoyo chili ndi maphatikizo 21. Ngati chatenga masekondi atatu, ndiye maphatikizo 7 pa sekondi, poyerekeza ndi 5.5 m'nkhani ya mchenga.

Musanakhulupirire manambalawa, yang'anani zomwe zimalakwika kawirikawiri. Mzere wa pichi ukadumpha mwadzidzidzi kufika pa 236 kapena kugwa ndi theka, pulogalamuyo yasochera, yawirikiza kapena yagawa pakati pichi yeniyeni, ndipo zigawo zimenezo zichotsedwe. Ngati kumbuyo kukumveka wailesi kapena munthu wina, mzerewo ukhoza kukhala ukutsata iwowo. Mzere wa voliyumu wa `Show intensity` musauyerekeze pakati pa mafayilo awiri, pa zifukwa za foni zija. Onetsetsaninso kuti simunamvere voisi notiyo pa `1.5x`, chifukwa batani limenelo limasandutsa munthu wodekha kukhala wothamanga. Ndipo kachetechete alibe ntchito pano: voisi noti munthu amatha kuijambula kasanu mpaka itamukomera.

Zonse zikakhala bwino, mwapeza chiyani? Mwapeza kuti kapitawoyo anali wotekeseka pa nthawi yomwe ankalankhula. Zifukwa zingakhale zinayi, ndipo zonse zimatulutsa manambala ofanana. Mwina analankhulira pamsewu, liwu n'kukwera chifukwa cha phokoso, ndipo ichi chokha ndi chomwe mungachitsimikize pomvetsera kumbuyo. Mwina wakwiya kuti akumuganizira kuba. Mwina sanabe koma akuopa kuchotsedwa ntchito. Mwinanso wabadi. Mawu oti wakwiya ndi mfiti amakoma pocheza, koma pa mlandu amapweteka wosalakwa, chifukwa munthu wonamiziridwa amakwiya kwambiri. Taonaninso kuti zizindikiro zikutsutsana zokha: pichi yokwera ikumveka ngati mantha, liwiro likumveka ngati kutsimikiza. N'chifukwa chake abale aja agawikana.

Chomwe chimathandiza chili kunja kwa liwu. Mwini nyumba afunse zinthu zotheka kuzitsimikiza: simenti inagulidwa tsiku liti, pa sitolo iti, inabwera pa galimoto ya ndani, lisiti lili kuti, mapepala a matumba otha ali angati. Ngati ali kale ndi umboni wina, mwachitsanzo chithunzi cha lisiti, asauonetse koyamba. Ayambe wamva nkhani yonse, kenako aifananitse. Ku Sweden, Maria Hartwig ndi anzake anaphunzitsa njira imeneyi ophunzira upolisi mu kafukufuku wa 2006, ndipo ophunzitsidwawo analondola ka 85 pa 100, pomwe osaphunzitsidwa analondola ka 56. Kusiyana kotereku khutu lokha silinakufikepo.

Kumene lamulo la besi ndi mphamvu limapindika

Kafukufuku wambiri watchulidwa panoyu anachitika ku America ndi ku Ulaya, ndipo malo ena amaonetsa kuti tanthauzo la liwu limaphunziridwanso. Judith Irvine, amene anafufuza pakati pa Awolofu a ku Senegal, anafotokoza kuti anthu a m'mabanja apamwamba amalankhula motsitsa, mochedwa, mwa besi, mawu ochepa, nthawi zina ngati akudodoma. Kulankhula mokweza, mwachangu ndi mwaluso ndi ntchito ya alakatuli owalankhulira, omwe ndi a gulu lotsika. Mlendo wongotsata zotsatira za ku America angaloze munthu wolakwika kuti ndiye mwini mphamvu. Pa ulemu napo pali kusiyana: amayi a ku Japan amadziwika ndi kuondetsa liwu polemekeza, pomwe kafukufuku wa Chikoreya wa 2012 anapeza kuti olankhula amatsitsa pichi akamalankhula ndi wamkulu.

Ku Malawi ndi kum'mawa kwa Zambia izi si zachilendo. Mwana woleredwa bwino amatsitsa mawu pamaso pa akuluakulu, sayankha funso lisanathe, ndipo amayamba wati "zikomo" asanalowe mu mfundo. Makhalidwe omwewa akafika pa mayeso a pakamwa ofunsira ntchito, pamaso pa anthu ozolowera kuti wodziwa amayankha msanga ndi mwamphamvu, amawerengedwa ngati kusadziwa. Mboni yolankhula Chingerezi chomwe inaphunzira kusukulu imachedwa chifukwa ikusaka mawu, ndipo womvera amaganiza kuti ikusaka bodza.

Chichewa chilinso ndi chake. Pichi m'chinenero chathu ili kale pa ntchito yosiyanitsa matanthauzo: mtengo wa kunkhalango ndi mtengo wa kumsika amalembedwa mofanana koma samveka mofanana, ndipo nthawi za mneni zina zimasiyana pa kakwezedwe kokha. Choncho kukwera kwina komwe mlendo angakumve ngati kukayika ndi galamala chabe.

Mafunso omwe akadali poyera

Pa zinenero zomwe pichi imasiyanitsa matanthauzo, funso lalikulu ndi lakuti olankhula amaika kuti chizindikiro cha kutsimikiza. Kodi amatambasula kapena kufinya mtunda wa pakati pa mawu okwera ndi otsika, kapena amatsamira kwambiri pa liwiro, mphamvu ndi timawu ngati "ndithu", "kaya" ndi "mwina"? Kuyeza kofanana ndi kwa ku Paris kuja pa omvera a Chichewa kungayankhe zambiri.

Ofufuza sagwirizananso pa gwero la lamulo la besi. Ena amati ndi lachibadwa, potengera nyama zija. Ena amaloza kusintha kwa m'mbiri: kafukufuku wa ku Australia anapeza kuti atsikana ojambulidwa mu 1993 ankalankhula motsika ndi 23 Hz poyerekeza ndi a mu 1945, kusintha kofulumira kwambiri moti thupi lokha silingakufotokoze. Ngati anthu anazolowera kumva ulamuliro m'mawu a abambo, kodi kukonda besi kudzachepa amayi olamulira akachuluka, kapena amayiwo ndi amene adzapitirize kutsitsa mawu?

Palinso nkhani ya kuphunzitsa liwu. Munthu akhoza kuphunzira kutsitsa mapeto a chiganizo ndi kuchepetsa kudodoma m'masabata ochepa. Ena amati izi zimathandiza anthu oona koma amanyazi kuti amvedwe. Ena amati zimangopatsa zida wina aliyense, wabodza yemwe, ndipo chizindikiro chomwe aliyense angachiphunzire chimasiya kukhala chizindikiro.

Ndipo makhoti m'maiko ambiri amalolabe woweruza kuganizira mmene mboni inaonekera ndi kumvekera, pomwe makhoti a apilo kawirikawiri salowerera chigamulo chotere poti iwo sanaimve mboniyo. Pali oweruza ndi akatswiri a malamulo amene akuti kulemera kwa kamvekedwe kuchepetsedwe, potengera 54 pa 100 uja. Ena akuyankha kuti kafukufuku wambiri anachitika pa ophunzira onama zinthu zazing'ono, osati pa munthu amene akuyang'anizana ndi zaka 10 m'ndende, ndipo kuyesa mabodza aakulu otero n'kovuta chifukwa pamafunika kudziwa kaye mosakayika amene ananena zoona.